Mzere watsika, koma anthu sanachepe

Masiku ano galafu imayenda pa foni. Wina amaijambula m'nyuzipepala, pa kanema nthawi ya nkhani, kapena m'buku la mwana wa sekondale, n'kuiponya pa WhatsApp ndi kafunso kakafupi: "Kodi apa akuti chiyani?" Wolandira funsoli kawirikawiri sakhala katswiri wa masamu ayi. Amakhala mphunzitsi wa pulayimale, namwino, kalaliki wa pa boma, kapena mwana wa Fomu 3 amene kwawo amamuona ngati ndiye wophunzira. Ndipo ambiri mwa ife, tikangoona mzere ukukwera kapena kutsika, timathamangira kuyankha kuti "zakwera" kapena "zatsika", tisanadzifunse n'komwe kuti chakweracho n'chiyani.

Titenge nkhani imodzi imene imapezeka m'mabuku a sukulu ndi m'manyuzipepala momwe, nkhani ya chiwerengero cha anthu m'Malawi muno. Chilandirireni ufulu, dziko lino lachita kalembera kasanu n'kamodzi, ndipo ntchitoyi imayendetsedwa ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba. Mu 1966 anapeza anthu 4.0 miliyoni, mu 1977 anapeza 5.5 miliyoni, mu 1987 anali atatsala pang'ono kukwana 8.0 miliyoni, mu 1998 anali 9.9 miliyoni, mu 2008 anali 13.1 miliyoni, ndipo mu 2018 anafika 17.6 miliyoni. Pa manambala omwewa mumatuluka magalafu awiri osiyana kwambiri maonekedwe, ndipo chisokonezo chimagona pakati pa awiriwa.

Koma tisanafike kumeneko pali chithunzi chenichenicho. Galafu yojambulidwa pa foni nthawi zambiri imafika yoduka. Wojambula amalozetsa kamera pakati, pamene pali mzere wokopa maso, n'kusiya kunja mutu wa galafu, manambala a kumanzere ndi timawu ta m'munsi. Komatu tanthauzo lonse limakhala m'mphepete momwemo. Mzere wopanda manambala ake sunena kanthu. Ungakhale wa mvula, wa mitengo ya fetereza kapena wa ana obadwa. Choncho yankho loyamba labwino nthawi zina limakhala pempho chabe: "Tajambulaninso, tsamba lonse lioneke." Palibe chamanyazi pamenepo. Muuzeni wojambulayo aike bukulo pansi, alitambasule bwino, foni aigwire pamwamba penipeni pa tsamba osati chapambali. Chithunzi chojambulidwa mopendeka chimapendeketsanso mzere, moti mzere wogona umaoneka ngati ukukwera. Galafu ikakhala pafupi ndi msoko wa buku, pepala limapindika ndipo zaka za mbali imeneyo zimaoneka zothithikana. Kuwala kwa foni kukagunda pepala lonyezimira kumafufuta manambala, ndiye ndi bwino kujambulira panja pamthunzi. WhatsApp nayo imachepetsa chithunzi kuti chisadye bandulo, mpaka 3 ndi 8 osasiyanikanso, kadontho ka pakati pa 2 ndi 9 n'kusowa, 2.9 n'kusanduka 29. Kutumiza chithunzicho ngati Document kumathandiza kuti chifike mmene chinajambulidwira.

Palinso vuto la fotokope. Buku likhoza kukhala ndi mzere wofiira ndi wobiriwira, koma mwana ali ndi pepala la fotokope pamene mizere yonse yada mofanana. Zikatero musaganizire kuti uwu ndi wa amuna, uwu ndi wa akazi. Nenani kuti pa chithunzichi sizikusiyanika, apeze buku lenileni.

Chithunzi chikakhala chathunthu, diso liyambe lazungulira m'mphepete lisanalowe pakati. Mutu ukuti chiyani? M'munsi, pa mzere wogona, pali chiyani? Pa galafu yathuyi pali zaka za kalembera. Kumanzere, pa mzere woimirira, pali manambala a chinthu chikuwerengedwacho, ndipo apa m'pofunika kuyang'anitsitsa timawu tating'ono tolembedwa chammbali. Pakalembedwa '000 ndiye kuti nambala iliyonse muiwonjezere maziro atatu, moti 17,564 akutanthauza anthu 17,564,000. Ndinamvapo munthu akunena motsimikiza kuti boma lanama, Malawi sangakhale ndi anthu 17 sauzande okha pamene msika wa ku Limbe wokha umadzaza. Iye sananame, boma nalo silinaname. Maziro atatu aja ndiwo anatsala kunja kwa chithunzi.

Tsopano tinene kuti mwana wa Fomu 3 akufotokozera malume ake, munthu woti manambala a ndalama amawadziwa bwino chifukwa amagulitsa mbewu, koma galafu sanaphunzirepo. Njira imene imagwira ntchito ndi yoyamba ndi kadontho kamodzi kokha. Mwanayo aike chala pa kadontho ka 1987, atsike nacho molunjika mpaka pa chaka, abwerere, kenako apite nacho kumanzere mpaka pa nambala. Ngati ndi pa pepala, rula kapena m'mphepete mwa kope mumathandiza kuti chala chisasochere.

"Malume, kadontho aka kali pamwamba pa 1987, ndipo kakuyang'anizana ndi 8. Ndiye kuti chaka chimenecho anawerenga anthu 8 miliyoni."

"Nanga aka ka kumapetoka?"

"Tayesani inuyo."

Malumewo akatsika okha ndi chala n'kupeza 2018, n'kupita kumanzere n'kunena kuti kali pakati pa 17 ndi 18, basi galafu aidziwa. Zotsalazo ndi nkhani yokambirana anthu awiri ofanana. Ine ndimaona kuti ofotokoza ambiri amalumpha sitepe imeneyi poiyesa yachibwana, n'kuyamba kulakatula za mzere wonse, womverayo n'kumangovomera mwaulemu koma asakudziwa kuti manambalawo akuchokera pati.

Galafu yoyambayi, ya kuchuluka kwa anthu, ndi yosavuta. Mzere wake umangokwera kuchokera pa 4 mpaka kupitirira 17, ndipo kumapeto ndi kumene umakwera mwaphiri. Chiganizo chimodzi chikukwanira: pa zaka 52, anthu m'Malawi anachuluka kupitirira kanayi. Munthu wamkulu mungamuthandize pomangirira zakazo ku zimene akukumbukira. Mu 1966 ndi mmene dziko linakhala lipabuliki, Kamuzu Banda n'kukhala pulezidenti. 1998 ndi nthawi ya Bakili Muluzi, matipate atabwera kale. Chaka chikakhala ndi nkhope yotere, kadontho kamasiya kukhala kadontho chabe.

Galafu yachiwiri ndiyo imagwetsa anthu. Imakhala ndi zaka zomwezo m'munsi, koma kumanzere kuli timanambala tating'ono, 1, 2, 3, 4, ndi chizindikiro cha %. Iyi sikuwerenga anthu. Ikuonetsa liwiro limene chiwerengero chinkakulira pachaka pakati pa kalembera wina ndi mnzake. Kuchokera 1966 kufika 1977 chinkakula ndi 2.9 peresenti pachaka. Kuchokera 1977 kufika 1987 liwiro linafika 3.7 peresenti. Kenako pakati pa 1987 ndi 1998 linagwa kufika pa 2.0, lisanakwerenso kufika 2.8 pofika 2008, ndi 2.9 pofika 2018. Ukaujambula mzere umenewu umakwera, n'kugwa chagada, n'kudzukanso.

Malume aja akaona kugwako anena chimene aliyense anganene: "Ndiye kuti apa anthu anachepa. Inde, ndi nthawi ya Edzi imeneyi, tinkaika maliro tsiku ndi tsiku." Ndipo mawu awowo ali ndi choonadi mkati, chifukwa zaka za m'ma 1990 matendawa anatengadi anthu ambiri. Koma galafu sikunena kuti anthu anachepa. Mu 1987 anali 8.0 miliyoni, mu 1998 anali 9.9 miliyoni, kutanthauza kuti anawonjezekera ndi pafupifupi 2 miliyoni pa zaka zomwe mzerewo ukuoneka wakugwa. Chinatsika ndi liwiro basi. Minibasi yochokera ku Blantyre ikafika pa Ntcheu n'kuchepetsa liwiro chifukwa cha anthu a pamsika, siinayambe kubwerera ku Blantyre. Ikupitabe ku Lilongwe, koma pang'onopang'ono. Kuti anthu achepe, mzere wa pa galafu yachiwiriyi uyenera kutsika mpaka kudutsa pa 0 n'kulowa kunsi kwake, ndipo pa makalembera onse asanu n'mmodzi zimenezi sizinachitikepo.

Mawu oti peresenti nawo amafuna kuwamasula, chifukwa 2.9 peresenti ndi nambala yoti munthu sangaione m'maso. Njira yabwino ndi kuichulukitsa kufika pa anthu 1,000. Mudzi wa anthu 1,000 ukamakula ndi 2.9 peresenti, ndiye kuti chaka chikamatha, mutachotsa omwalira ndi osamuka, n'kuwonjezera obadwa ndi obwera, mudziwo uli ndi anthu 29 owonjezera. Pa 3.7 peresenti owonjezerawo ndi 37, pa 2.0 peresenti ndi 20. Munthu akamva kuti 37 anatsika kufika pa 20, koma onsewo ndi owonjezera, sabwereranso ku maganizo oti mudzi unachepa.

Funso lotsatira limabwera lokha: nanga n'chifukwa chiyani liwiro linakwera chotere kenako n'kugwa chotere? Apa wofotokoza ayenera kunena poyera kuti yankho silili pa chithunzi. Galafu imaonetsa zimene zinachitika, chifukwa chake sinena. Chifukwacho timachitenga kwina, ndipo pa nkhani iyi mbali yaikulu ndi nkhondo ya ku Mozambique. Kuyambira cha m'ma 1986 anthu ambirimbiri anathawa nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo n'kulowa m'maboma a m'malire monga Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Kalembera wa 1987 anawapeza ali kuno ambiri ndithu, ndipo anawawerenga, n'chifukwa chake liwiro linaoneka lokwera kwambiri. Othawa kwawowa anapitirira kubwera mpaka anaposa miliyoni imodzi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, ambiri anabwerera kwawo zaka zotsatira, moti kalembera wa 1998 sanawapezenso. Anthu omwewo anakweza nambala ya 1987 pobwera, n'kutsitsa liwiro la zaka zotsatira pochoka. Edzi inawonjezera pamenepo. Choncho malume aja sanalakwe kutchula maliro, koma chinali chidutswa chabe cha nkhani, ndipo munthu wa ku Dedza kapena ku Nsanje wa msinkhu wawo akangokumbutsidwa za makampu aja amamaliza yekha kufotokoza.

Pofotokoza ndi bwino kusiyanitsa ziwirizi ndi pakamwa pomwe: "Izi ndi zimene chithunzi chikuonetsa, izi ndi zimene ine ndikudziwa kuchokera kwina." Womvera ali ndi ufulu wotsutsa chachiwiricho popanda kukayikira choyambacho. Tikazisakaniza, munthu amapita kukauza anzake kuti galafu yanena kuti Edzi inachepetsa anthu, pamene pa pepalapo palibe mawu otero.

Pali chinthu china chokoma chimene chimaoneka pokhapokha magalafu awiriwa akaikidwa pamodzi. Liwiro la 1966 mpaka 1977 linali 2.9 peresenti, ndipo la 2008 mpaka 2018 linalinso 2.9 peresenti. Pa galafu yachiwiri timadontho tiwiriti tili pa msinkhu umodzi, ngati palibe chasintha. Koma nthawi yoyambayo dziko linawonjezera anthu 1.5 miliyoni, pamene nthawi yachiwiriyo linawonjezera pafupifupi 4.5 miliyoni, katatu kuposa poyamba. Malume ogulitsa mbewu sangavutike nazo izi, chifukwa amadziwa kuti phindu la 10 peresenti pa mpamba wa K50,000 silifanana ndi phindu la 10 peresenti pa mpamba wa K500,000. Peresenti ndi yomweyo, koma chimene ikudyapo chakula. N'chifukwa chake mzere wa galafu yoyamba umanka nuimirira kumapeto ngakhale liwiro silinasinthe. Ofuna kuyerekeza msanga amagawa 70 ndi liwirolo: 70 kugawa ndi 2.9 zikupereka zaka pafupifupi 24, ndiyo nthawi imene chiwerengero chingatenge kuti chiwirikize kawiri ngati liwiro litakhala lomwelo. Mawu oti "ngati" amenewo musawameze pofotokoza.

Msampha womwewu wa liwiro ndi kuchuluka umatidikira mwezi ndi mwezi m'nyuzipepala, pa galafu ya kukwera mitengo kwa zinthu, ija amati infuleshoni. Mutu wa nkhani umati yatsika, mzere n'kumaoneka ukuloza pansi, ndiye mayi wochokera kumsika n'kufunsa mokwiya kuti chatsika n'chiyani poti sopo ndi mafuta ophikira zangokwerabe. Mayiyo akunena zoona, galafunso ikunena zoona. Nambala imene imalengezedwa imayerekeza mitengo ya mwezi uno ndi ya mwezi womwewu chaka chatha. Tingoyerekeza ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke. Katundu amene munagula pa K10,000, mitengo ikakwera ndi 30 peresenti, chaka chamawa ali pa K13,000. Chaka chinacho infuleshoni ikatsika kufika pa 20 peresenti, katundu yemweyo afika pa K15,600. Mzere watsika kuchoka pa 30 kufika pa 20, koma m'thumba mwatuluka K2,600 yowonjezera. Mitengo ingakhale yotsika poyerekeza ndi chaka chatha pokhapokha mzerewo utalowa kunsi kwa 0. Wofotokoza amene angouza mayiyo kuti "zinthu zatsika mtengo" wamunamiza, ndipo mayiyo sadzakhulupiriranso galafu ina iliyonse.

Tibwerere ku kalembera, chifukwa pali chinthu china choyang'ana kumanzere kuja: kodi manambala ayambira pati? Tinene kuti nyuzipepala yajambula timizati tiwiri, kamodzi ka 2008 ndi kena ka 2018. Manambala akayambira pa 0, kamzati ka 17.6 kamaposa ka 13.1 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ndi mmene zililidi. Koma wokonza tsamba akafuna kusunga malo n'kuyambira pa 12, kamzati koyamba kamatalika 1.1 yokha pamene kachiwiri kamatalika 5.6. Diso limaona ngati anthu achuluka kasanu pa zaka khumi. Manambala onse ndi olondola, palibe wanama, koma chithunzi chakokomeza. Sikuti nthawi zonse amachita dala; pa galafu ya mzere, kuyambira pamwamba kumathandiza kuti kusintha kwakung'ono kuoneke. Pa timizati ndiye ine sindikhululuka, chifukwa kamzati kamalankhula ndi kutalika kwake. Ndipo apa m'pamene chithunzi choduka chimapweteka kwambiri: manambala a kumanzere akatsala kunja, palibe njira yodziwira ngati ayambira pa 0 kapena pa 12. Nthawi zina pansi pa mzere woimirira pamakhala kachizindikiro kokhotakhota kosonyeza kuti manambala ena awalumpha. Mukakaona, muuzeni womvera kuti asakhulupirire kutalika, awerenge manambala.

Mzere wolumikiza timadontho nawonso uli ndi malire ake. Kalembera amachitika kamodzi pa zaka khumi kapena khumi n'chimodzi, ndiye chimene chinawerengedwadi ndi timadontho tisanu n'kamodzi basi. Mzere wa pakati pa 1987 ndi 1998 anangoulemba kuti diso litsatire. Munthu akafunsa kuti mu 1992 kunali anthu angati, mukhoza kuika chala pakati n'kunena kuti mwina 9 miliyoni, koma muwonjezere kuti chaka chimenecho palibe anawerenga. Ndipotu pa zaka zimenezi mzere wowongokawo ukubisa zambiri, popeza othawa nkhondo anali atachuluka kwambiri cha mu 1992 asanayambe kubwerera. Chiwerengero chenicheni sichinayende mowongoka choncho.

Chimodzimodzinso kumapeto. Magalafu ambiri amapitiriza mzere kudutsa 2018 mpaka 2030 kapena 2050, kawirikawiri ndi mzere wodukaduka kapena wa mtundu wina. Mbali imeneyo ndi yongoyerekeza, yowerengetsera potengera mmene anthu akubadwira ndi kumwalira, ndipo imasintha mabanja akayamba kubereka ana ochepa. Pa chithunzi chosaoneka bwino, mzere wodukaduka umaoneka ngati wathunthu, ndiye yang'anani chaka chimene buku kapena nyuzipepalayo inasindikizidwa, komanso timawu ta pansi penipeni totchula kumene manambala achokera. Buku losindikizidwa 2018 isanafike silingakhale ndi zotsatira za kalembera wa 2018, ngakhale mzere wake utafika chaka chimenecho. Mwana akapeza kuti nambala ya m'buku lake ikusiyana ndi imene wamva pa wailesi, kawirikawiri gwero lake limakhala limeneli.

Poyankha pa foni, pamene simungathe kugwira dzanja la munthu n'kuliyendetsa pa pepala, jambulani kamzere kozungulira kadontho kamene mukunena, m'bwezereni chithunzicho, kenako mutumize mawu apakamwa m'malo molemba ndime yaitali. Munene chimene chikuwerengedwa, muwerenge naye kadontho kamodzi, munene mmene mzere wonse wayendera m'chiganizo chimodzi, ndipo mutchule chimene galafuyo sikunena. Manambala muwafupikitse: kwa munthu amene akumva ndi khutu, "pafupifupi 17 miliyoni ndi theka" imagwirika kuposa 17,563,749. Mukatha, m'funseni funso loti ayankhe ndi chala chake, osati loti angovomera. "Mwamva?" aliyense amayankha kuti eya. Koma mukafunsa kuti, "Malume, pakati pa 1987 ndi 1998 anthu anachepa kapena anachuluka?" mudziwa pomwepo ngati magalafu awiri aja asiyanika m'mutu mwawo, kapena ngati muyenera kuwaikanso pamodzi n'kuyambira pa kadontho ka 8 miliyoni.